Njinga yamoto ikagwa, kulira kwa injini si umboni wakuti ili bwino

M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, njinga yamoto ya kabaza ndiyo imafika kumene minibasi siyingayerekeze. Imatulutsa odwala ku Chapananga, imanyamula matumba a chimanga ndi chitowe kupita nawo kumsika wa Ngabu, ndipo imalumikiza midzi ya kutsidya kwa Shire, monga Masenjere, Fatima ndi Makhanga, ndi msewu waukulu pa Thabwa. M'misewu imeneyi zogwetsa njinga sizisowa. Kuli mchenga wa m'mitsinje ngati Mwanza, matope oterera a dothi lamakande nyengo ya dzinja, mbuzi ndi ng'ombe zodumpha msewu wa M1 pakati pa Nchalo ndi Bangula, komanso malo amene madzi adakumba pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Chimene chimachitika njinga ikagwa n'chodziwika kwa aliyense wa m'chigwachi. Woyendetsa amaidzutsa, n'kuponda kiki, ndipo injini ikalira, anthu amene asonkhana amati, "Ili bwinobwino, siinaonongeke." Akatero amapana teyala lakutsogolo pakati pa mawondo, n'kupotoza handulo mpaka iwoneke yowongoka, n'kukwezanso wokwera uja. Mfundo ya nkhaniyi ndi yakuti chigamulo chimenechi chimaperekedwa pa umboni wolakwika. Njinga imene yagwa iyenera kuyesedwa kuyambira pa maliva mpaka pa felemu isananyamulenso munthu, ndipo zida zoyesera zake zimapezeka m'mudzi uliwonse.

Injini ndi mboni yosathandiza pa mlanduwu chifukwa ndi chitsulo cholimba chimene chili pakati pa njinga, chotetezedwa ndi zopondera komanso handulo. Mbali zimene zimayamba kugunda pansi ndi zimene zimatulukira kunja: liva ya buleki kapena ya kilachi, nsonga ya handulo, chopondera ndi teyala lakutsogolo. Mphamvu ya kugundako siithera pamenepo. Imalowa m'handulo n'kutsikira ku zitsulo ziwiri zimene zimamanga mafoloko, kapena imachokera kuteyala n'kukwera m'mafoloko mpaka kukhosi la felemu, pamene chiwongolero chonse chimazungulira. Njira yonseyi ndi ya kuwongolera ndi kuimitsa njinga, ndipo injini siili m'njiramo. Choncho njinga ingathe kulira mokoma, kukoka bwino pamtunda, koma matayala ake awiri asakupondanso mzere umodzi. Choopsa china n'chakuti zimene zimaoneka msanga ndi zotchipa, monga galasi loonera kumbuyo kapena nyali yokhotera, pamene zimene zingaphe munthu zimabisala pansi pa thanki ndi m'kati mwa mafoloko.

Ntchito yoyamba, munthu wovulala atathandizidwa, kiyi atazimitsidwa ndi kampopi ka petulo katatsekedwa, ndi kuwerenga zipsera kuti mudziwe mtundu wa kugwa. Pali kugwa kwa kuterereka, kumene njinga imagona chammbali n'kukhwekhwereka mumchenga kapena m'matope. Zipsera zake zimakhala zazitali, za mbali imodzi, ndipo kawirikawiri zimene zimavutika ndi maliva, handulo ndi zopondera. Palinso kugwa kwa kugunda, kumene teyala lakutsogolo limaima mwadzidzidzi pambuzi, pamwala, m'dzenje lakuya kapena pamphepete mwa kalavati, pamene kulemera kwa njinga, woyendetsa, wokwera ndi katundu kukupitabe patsogolo. Kugwa kwachiwiriku ndiko kumapinda mafoloko ndi khosi la felemu, ngakhale penti wa thanki atapanda kukalika. Woyendetsa amene akufotokozera makaniki asangoti "ndagwa". Anene chimene chinagunda choyamba, liwiro limene anali nalo ndi katundu amene ananyamula, chifukwa zimenezi zimauza makaniki koyambira kufufuza.

Tiyambe ndi maliva, pakuti ndiwo amapeputsidwa kwambiri. Liva ya buleki yakutsogolo ikapindikira kuhandulo, imafika pachogwirira isanamalize kukoka kebulo, ndiye kuti dzanja lafinya mpaka pamapeto koma buleki yagwira theka. Ikapindikira kunja kapena pansi, zala zimaisowa pamalo pamene zinazolowera. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola njinga imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse, kotero theka la sekondi limene zala zikufunafuna liva ndi mamita 7, mtunda wokwanira kulekanitsa kuima ndi kugunda ngolo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Finyani liva mwamphamvu n'kukankha njinga: teyala ligwidwe liva isanakhudze chogwirira, ndipo mukaisiya ibwerere yokha msangamsanga. Pa njinga zambiri za 125 cc ndi 150 cc, nsonga ya liva imayenda mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kukoka kebulo. Onaninso chomangira liva pahandulo, chifukwa chimang'aluka pafupi ndi bawuti kapena pamene pamalowa galasi. Ngati njinga ili ndi buleki ya disiki, fufuzani ngati mafuta a buleki akudontha pakabotolo kake kapena polumikizira paipi.

Liva yopindika isinthidwe, isawongoledwe, ndipo chifukwa chake chili m'chitsulo chimene inapangidwa nacho. Maliva ambiri ndi a aluminiyamu wothiridwa m'chikombole, amene amalola kupindika kamodzi koma akabwezedwa amang'aluka m'kati. Nthawi zina pamalo opindikapo pamaoneka timizere toyera, nthawi zina sipaoneka kanthu, ndipo liva yotere imathyoka tsiku limene yafinyidwa ndi mphamvu zonse, lomwe ndi tsiku la ngozi. Kampira ka kunsonga kwa liva kakathyoka, chotsalacho ndi chosongoka chimene chingabaye dzanja kapena ntchafu pa kugwa kotsatira. Chopondera cha buleki yakumbuyo ndi cha magiya pa njinga zamtunduwu nthawi zambiri ndi zachitsulo wamba, ndipo zikapindika pang'ono zingawongoledwe zitamasulidwa panjinga. Kuwongolera cha magiya chili pamalo pake kumapinda kamtanda kamene kamalowa mu injini, n'kuyambitsa kuvuta kwa magiya ndi kudontha kwa oyilo. Mbali ya kumanja ikakhala kuti ndiyo inagunda pansi, yesaninso chokokera moto. Chipotozeni n'kuchisiya handulo ili chowongoka, kenako itakhotera kumanja mpaka pamapeto, ndiponso kumanzere. Chikachedwa kubwerera, kapena injini ikakweza mawu yokha pokhota, njingayo isayende mpaka vutolo litapezeka.

Handulo ya njinga zoterezi ndi paipi yachitsulo yokula mamilimita 22, ndipo imakonda kupindika pafupi ndi pamene yamangidwa. Ili panjinga, yezani kuchokera kunsonga iliyonse kufika pakati pa chotsekera thanki, teyala litalunjika kutsogolo, kenako kuchokera kunsonga iliyonse kufika pansi njinga ili chiimire pamalo osalala. Miyeso ya kumanja ndi ya kumanzere ifanane. Ikasiyana, imasuleni n'kuigoneka patebulo losalala, ndipo mbali imene yapindika idzaoneka yokha. Paipi imene yangokhota mofewa ndi yosiyana ndi imene yachita mkwinya. Aliyense amene adadulako bango m'dambo amadziwa kuti bango likapindika mpaka kuchita mkwinya, ungaliwongole bwanji, mphamvu yake pamalopo yatha. Chimodzimodzinso paipi. Handulo ya mkwinya, kapena imene penti wake wasweka mozungulira pamene inamangidwa, ndi yotaya, chifukwa kugwedezeka kwa msewu wa mabampu kumakulitsa mng'alu tsiku ndi tsiku mpaka chogwirira chitatsala m'manja.

Pa mafoloko m'pamene kupana teyala pakati pa mawondo kumasocheretsa anthu. Handulo ikaloza kwina pamene teyala likuloza kwina, pali zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri zimene zimaoneka mofanana. Choyamba ndi kupotoka. Mapaipi awiri a mafoloko amamangidwa ndi zitsulo ziwiri, chapamwamba ndi chapansi, ndipo pa kugwa chimodzi chimatha kuzungulira pang'ono kusiyana ndi chinzake, mapaipi n'kukhala ngati apingasana koma ali owongoka. Chachiwiri ndi kupindika kwenikweni kwa paipi, kumene nthawi zambiri kumachitika pansi penipeni pa chomangira chapansi. Kupotoza ndi mawondo kungachotse vuto loyamba, koma pa vuto lachiwiri kumangosuntha mapaipi kuti handulo iwoneke yowongoka, kupindika kuli pomwepo. Munthuyo wachotsa chizindikiro chokhacho chimene chikanamuchenjeza.

Kuti musiyanitse ziwirizi, imikani njinga pasitandi yapakati, masulani pang'ono nati ya ekiselo yakutsogolo, mabawuti a madigadi ndi mabawuti a chomangira chapansi, koma zapamwamba muzisiye zomanga kuti mafoloko asasololoke. Tsitsani njinga pasitandi, lunjikitsani teyala kukhoma, ndipo kanikizani handulo pansi mwamphamvu kangapo kuti mafoloko alowe ndi kutuluka. Ngati kunali kupotoka chabe, zonse zimabwerera m'malo mwake. Mangani kuyambira pamwamba kutsika pansi, ekiselo pomaliza. Kenako tengani chidutswa cha galasi la zenera n'kuchigoneka chopingasa pa mapaipi awiri onyezimira aja, mutachotsa zophimba ngati zilipo. Mapaipi owongoka ndi olingana amakhudza galasi ponseponse. Galasi likamagwedera ngodya ndi ngodya ngakhale mwamasula ndi kumanganso, paipi imodzi kapena chomangira chapindika. Apo tulutsani mapaipi n'kugubuduza iliyonse pagalasi: yopindika imadumphadumpha ndipo kuwala kumaoneka pansi pake. Mabuku okonzera njinga za Honda zamtunduwu amalola kukhota kosapitirira mamilimita 0.2, kumene ndi kukhuthala kwa mapepala awiri. Kukhota kumene diso likuona paipi ili panjinga kwadutsa kale malirewo kutalitali.

Wina angafunse kuti paipi yokhota pang'ono ili ndi vuto lanji, popeza njinga ikuyenda. Paipiyo imayenera kulowa ndi kutuluka mosavuta m'chimake chapansi, ndipo ikakhota imakakamira. Foloko yokakamira siitsatira msewu. Pa mabampu ang'onoang'ono a msewu wafumbi teyala limadumpha m'malo mokakamira pansi, ndipo teyala limene lili m'mwamba silikhota kapena kugwira buleki. Paipi yokhota imadyanso labala wotchinga oyilo. Oyilo akayamba kutuluka amakoka fumbi la m'chigwa n'kusanduka phala lopala chitsulo, ndipo akatsikira kubuleki amaiteremutsa. N'chifukwa chake mzere wa oyilo pa foloko imodzi, umene waoneka masiku angapo njinga itagwa, suyenera kungothetsedwa posintha labala. Labala watsopano adzadyekanso ngati paipi siinayesedwe. Pamene teyala lili m'mwamba, lizungulitseninso mukuyang'ana limu: kugwedera kopitirira mamilimita 2, masipoko olefuka kapena mng'alu pa limu ya aluminiyamu ndi zizindikiro zakuti kugundako kunali kwamphamvu, ndipo kufufuza kuyenera kupitirira mpaka kukhosi.

Khosi la felemu ndi pamene pamathera mphamvu yonse. Teyala lakutsogolo lili m'mwamba, tembenuzani handulo pang'onopang'ono mbali zonse. Ikamakodwa pakati ngati yagwera m'kadzenje, mabering'i a m'khosi adindika. Gwirani mafoloko kumunsi n'kuwakankha kutsogolo ndi kumbuyo: kugogoda kulikonse kukusonyeza kulefuka. Yang'anani timano timene timaletsa handulo kukhota mopitirira. Handulo ikamagunda thanki mbali imodzi, kamodzi mwa timanoto kapindika kapena kathyoka. Kenako chotsani mpando ndi thanki, tsukani matope, ndipo unikani ndi tochi powotcherera ponse pozungulira khosi, paipi yapamwamba ndi imene imatsikira ku injini. Penti salola kutamuka monga chitsulo, kotero pamene chitsulo chapindika penti amasweka, kutukumuka kapena kusendeka. Patapita masabata angapo, pamalo otero pamatuluka kamzere ka dzimbiri, ndipo kamzere ka dzimbiri kotsatira powotcherera kamasonyeza mng'alu. Pa njinga zambiri zotengera kapangidwe ka Honda CG125, injini yeniyeniyo ndi mbali ya felemu, chifukwa paipi yakutsogolo imathera pa injini. Bawuti la injini limene kale linkatuluka ndi dzanja koma tsopano likufuna hamala likunena kuti felemu yasuntha. Chimodzimodzinso mpata wa pakati pa madigadi ndi ekisozi ukachepa poyerekeza ndi njinga ina ya mtundu womwewo.

Muyeso umene umagamula mlandu wonse ndi wa chingwe. Imikani njinga chowongoka pamalo osalala. Tengani chingwe chopyapyala cha mamita 5 kapena 6, chikoleni kumbuyo kwa teyala lakumbuyo, pamwamba pang'ono kuchokera pansi pamene sichingakhudze sitandi kapena tcheni, ndipo kokerani nsonga zake ziwiri kutsogolo, imodzi mbali iliyonse. Mangani nsongazo ku njerwa kutsogolo kwa njinga, n'kusuntha njerwazo mpaka chingwe chikhudze pang'ono chabe mphepete yakutsogolo ya teyala lakumbuyo popanda kukhota. Zingwe ziwirizo tsopano zikusonyeza kumene teyala lakumbuyo likuloza. Teyala lakutsogolo ndi lochepa, choncho limasiya mpata mbali zonse. Tembenuzani handulo mpaka mpata wa kutsogolo ndi wa kumbuyo kwa teyalalo ufanane pa mbali imodzi, kenako yerekezani kumanja ndi kumanzere. Kusiyana kwa mamilimita 2 kapena 3 kungabwere chifukwa cha matayala kapena dzanja la woyeza. Kopitirira apo kumafuna kufotokozedwa.

Tiyerekeze njinga ya 125 cc imene ikuchokera ku Nchalo kupita ku Ngabu ndi wokwera mmodzi ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 pakaliyala. Yagunda mbuzi pafupi ndi Miseu Folo n'kugwera kumanja. Liva ya buleki yapindika, handulo ikuloza kumanja, injini ikulira bwino. Makaniki wasintha liva, wayeza handulo n'kuipeza yowongoka, wamasula mabawuti n'kuchotsa kupotoka, koma galasi likugwederabe. Atatulutsa mapaipi, ya kumanja ikudumpha pagalasi, ndipo waika mapaipi atsopano. Ambiri akanalekera pamenepa. Iye wakoka chingwe. Teyala lakumbuyo ndi lotambalala mamilimita 90, lakutsogolo 70, ndiye kuti mpata uyenera kukhala mamilimita 10 mbali iliyonse. Wapeza 18 kumanzere ndi 2 kumanja, kutanthauza kuti teyala lakutsogolo lasunthira kumanja ndi mamilimita 8. Asanaimbe felemu mlandu, ayenera kuona zokungira tcheni, chifukwa teyala lakumbuyo likamangidwa mopendeka limanamiza chingwe. Zokungira ziwirizo n'zotalikirana masentimita pafupifupi 20, pamene matayala ndi otalikirana masentimita pafupifupi 130, choncho kusiyana kwa milimita imodzi yokha kumbuyo kumabala mamilimita pafupifupi 6 ndi theka kutsogolo. Timizere tosindikizidwa pa zokungira si todalirika nthawi zonse, ndiye iye wayeza kuchokera pakati pa bawuti limene mkono wa teyala lakumbuyo umazungulirapo kufika pakati pa ekiselo, mbali zonse ziwiri. Miyeso yafanana.

Chatsala ndi kuona ngati matayala onse aima chilili mofanana. Makaniki wamangirira nati ku ulusi n'kuulendewetsa pambali pa teyala lakumbuyo, n'kuika timatabwa pansi pa sitandi mpaka ulusiwo ukhudze mofanana pamwamba ndi pamunsi pa teyalalo. Atasamutsira ulusi kuteyala lakutsogolo, wapeza kuti pamwamba ndi pamunsi pakusiyana mamilimita 5. Teyala lotalika masentimita 60 likapendeka chotere, ndiye kuti lapendeka theka la digiri. Kuchokera kukhosi kufika pansi pali masentimita pafupifupi 90, ndipo theka la digiri pa mtunda umenewo limabala mamilimita 8, omwe aja chingwe chinaonetsa. Miyeso iwiri yosiyana yavomerezana. Atachotsa thanki, wapeza penti atasweka kumbuyo kwa khosi. Theka la digiri palibe diso limene lingalione, koma njinga yotere imakokera mbali imodzi, imakhota mosavuta mbali ina n'kulimba mbali inayo, imadya matayala mbali imodzi, ndipo ikalemedwa handulo imatha kuyamba kunjenjemera pa liwiro. Pa zitunda zotsika kuchokera ku Blantyre kukafika pa Thabwa, pamene buleki ndi kukhota zimafunika nthawi imodzi, chilema chimenechi sichikhululuka.

Kutsutsa koyamba kumene wakabaza angapereke ndi kwa ndalama, ndipo n'komveka. Njinga ikaima tsiku limodzi, banja silidya, ndipo ngati njingayo ndi ya bwana, ndalama ya tsikulo imafunikabe. Koma miyeso yonse imene yafotokozedwayi imatheka m'maola awiri kapena atatu, ndi masipanala, chingwe, ulusi, tepi yoyezera ndi chidutswa cha galasi. Kuyesa si kumene kumadula, chimene chimadula ndi kukonza, ndipo kuyesa ndiko kumateteza kugula zosafunika. Amene wapeza kuti mafoloko angopotoka wapulumutsa mtengo wa mafoloko atsopano. Amene sanayese amasintha labala wa oyilo kawirikawiri, amagula matayala nthawi yake isanakwane, ndipo akagwanso amakhala masabata kapena miyezi m'chipatala cha Chikwawa, cha Nsanje, kapenanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, njinga ili chiimire. Apa eni njinga ali ndi gawo lawo. Bwana amene amadula woyendetsa ndalama pa kukalika kulikonse amamuphunzitsa kubisa kugwa, ndipo njinga yake imayenda ndi chilema chimene iye mwini sakuchidziwa. Ndi bwino kugwirizana pasadakhale kuti kugwa kulikonse kunenedwe tsiku lomwelo, ndipo maola oyesera asawerengedwe ngati ngongole ya woyendetsa.

Kutsutsa kwachiwiri n'kwakuti owotcherera a ku Dyeratu, Nchalo kapena Bangula amawongola mafoloko ndi mafelemu, ndipo njingazo zimayenda zaka. Muli choonadi mmenemo. Chitsulo wamba chimapirira, ndipo paipi ya foloko imene yakhota mofewa, yopanda mkwinya, ingawongoledwe yozizira pa makina okanikizira, ikuyesedwa ndi geji pambuyo pa kukanikiza kulikonse. Felemu nayonso ingabwezedwe ndi mmisiri amene amaimangirira pachitsulo cholimba n'kumayeza. Chimene sichiyenera ndi kuwongola ndi moto wa gasi ndi hamala, muyeso uli diso. Moto umafewetsa paipi ya foloko n'kuwononga kunyezimira kwake kumene labala amatsetserekapo. Kuwotcherera pamwamba pa mng'alu wa khosi osabweza khosilo m'malo mwake kumangokhazikitsa kupendekako. Komanso umboni wa njinga zimene zayenda zaka uli ndi mpata waukulu, chifukwa timaona zimene zinapulumuka, pamene imene inalephera pakona imalembedwa kuti inali ngozi ya liwiro, popanda amene adakokapo chingwe. Njira yoweruzira ntchito ya mmisiri aliyense ndi imodzi: akamaliza, galasi lisagwedere, ndipo chingwe ndi ulusi zivomereze.

Kutsutsa kwachitatu n'kwakuti kugwa kwambiri m'chigwa muno n'kwa mumchenga, pa liwiro lochepa, kotero sikufunika zonsezi. N'zoona kuti si kugwa kulikonse kumene kumafuna kuchotsa thanki. Njinga imene yangogona mumchenga yopanda katundu imafuna kuona maliva, chokokera moto, handulo, kupotoka kwa mafoloko ndi kudontha kwa petulo kapena oyilo, zimene zimatenga mphindi zochepa. Koma liwiro silokhalo limene limapinda chitsulo, kulemera nakonso kumatero. Njinga imene inapangidwira anthu awiri ikanyamula atatu, kapena matumba awiri a makala, teyala lakutsogolo n'kuzama mwadzidzidzi mumchenga, mafoloko amalandira mphamvu ya katundu yenseyo. Katundu wa pakaliyala amapotozanso mbali yakumbuyo ya felemu pamene mashoko amamangidwa. Lamulo loyenera kutsatira ndi ili: ngati teyala lakutsogolo linagunda chinthu kapena kuima mwadzidzidzi, ngati njinga inali yolemedwa, kapena ngati itawongoledwa ikukokerabe mbali imodzi pamsewu wosalala wopanda anthu, miyeso yonse ichitike. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wogula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito atenge miyeso yomweyi kumsika, ndipo akaona penti watsopano pakhosi pokha pa njinga imene kwina konse ndi yakale, afunse chifukwa chake. Atsogoleri a masiteji a kabaza, amene amadziwa tsiku lomwelo kuti wakutiwakuti wagwa, angathe kusunga chingwe, tepi ndi galasi pasiteji n'kugwirizana kuti njinga imene yagunda chinthu isaime pamzere mpaka itayesedwa pamaso pa anzake. Wokwera amene amalipira ulendo wochokera ku Tengani kupita ku Nsanje sangathe kuona pansi pa thanki, ndipo amadalira chikumbumtima cha woyendetsa, mwini njinga ndi makaniki. Inu atatu, njinga ikagwa, sinthani liva yopindika, yesani mafoloko pagalasi, kokani chingwe, ndipo ngati khosi la felemu lapendeka kapena kung'aluka, musakwezepo munthu mpaka litakonzedwa ndi kuyesedwanso.